Mafunso ndi mayankho: kusankha matimati, anyezi ndi ndiwo zamasamba pamsika

Awa ndi mafunso amene anthu amandifunsa kawirikawiri, makamaka amene angoyamba kudziphikira okha, ndi ena amene amatumidwa kumsika n'kukalandira mawu kunyumba chifukwa cha zimene abweretsa. Ndinakulira pa benchi ya mayi anga ogulitsa ndiwo, ndiye zina ndikunena pano ndinazionera kumbali ya wogulitsa.

Kodi nthawi yabwino yopita kumsika ndi iti?

Ngati mukufuna masamba, pitani m'mawa dzuwa lisanakwere. Mpiru, repu ndi bonongwe amathyoledwa madzulo a dzulo lake kapena m'bandakucha, ndipo ikamakwana 10 koloko m'nyengo yotentha ya Okutobala amakhala atayamba kale kugona. Matimati ndi anyezi alibe changu chotero, koma nawonso abwino amatha msanga chifukwa ophika m'malesitilanti ndi opikula amalawirira.

Madzulo mitengo imatsika, izi n'zoona, ndipo ngati muphika usiku womwewo palibe cholakwika. Vuto la madzulo ndi kuwala. Pa kandulo kapena pa tochi ya foni tomato aliyense amaoneka wofiira bwino.

Tomato wabwino ndingamudziwe bwanji?

Munyamuleni. Maso okha sakwanira. Tomato wabwino amalemera m'dzanja kuposa mmene akuonekera, khungu lake ndi losalala ndi lokoka, ndipo mukamugwira ndi chikhatho chonse amakhala wolimba koma wosauma gwa ngati mwala. Musamubaye ndi chala chachikulu, chifukwa pamene mwabayapo pamayamba kuola mawa lake, ndipo mwini katundu sangakondwe nanu.

Mukatero mutembenuzeni. Malo awiri ndi amene amaulula zonse: pamwamba pamene panali phesi, ndi kunsi kwake. Pa phesi payenera kukhala pouma, popanda chuku, popanda timabowo. Ngati kaphesi kadakalipo ndipo n'kobiriwira, tomatoyo wathyoledwa posachedwa. Kakauma n'kuda, wakhalitsa. Kunsi kuyenera kukhala kosalala, kopanda banga lakuda. Khungu la makwinya pafupi ndi phesi likutanthauza kuti madzi ayamba kuthamo, wagona masiku pa benchi.

Mphuno nayo ithandize. Tomato wabwino amanunkhira ngati tsamba la mtengo wake. Fungo lowawasa, lokhala ngati la mowa wosasa, ndi la tomato amene waphulika penapake mu mulumo, ngakhale simukumuona. Tintchentche ting'onoting'ono tikamazungulira mulu umodzi n'kusiya inayo, tikukuuzani zomwezo.

Ndigule ofiira kwambiri kapena oyezuka?

Zitengera tsiku limene muwaphike. Ofiira psu ndi a lero ndi mawa, ndipo ndi amene amapanga supu wokoma, wosawawasa. Oyezuka, amene ayamba kufiira kunsi koma m'mapewa mudakali mwachikasu, amapsa okha m'nyumba pakapita masiku atatu kapena anayi. Ngati mukugula a sabata yonse, sakanizani: ochepa ofiira, ambiri oyezuka. Obiriwira bii amene anathyoledwa asanakhwime amadzafiira ndithu, koma m'kati mumakhala mopanda kukoma.

Mtundu nawonso uli ndi mbali yake. Matimati otalikirapo ngati dzira, a mitundu ngati Tanya ndi Roma, ali ndi mnofu wochindikala ndi madzi ochepa, choncho amapirira ulendo ndipo amakhalitsa. Ozungulira a madzi ambiri amakoma pa saladi koma safuna kuwasunga. Timatimati tating'ono tam'munda, tokhala ngati mikanda, timene timamera tokha m'dzinja, n'towawasa ndipo n'tabwino mu therere ndi mu usipa. Musatinyoze chifukwa cha msinkhu.

Kodi n'zololedwa kugwira kapena kuphwasula mulu?

Mulu wa matimati umaunjikidwa mwaluso. Atatu kapena anayi amakhala pansi, mmodzi pamwamba. Wapamwambayo ndiye wokongola kuposa onse, ntchito yake ndi kukuitanani. Apansiwo amaikidwa chilema chitayang'ana m'kati mwa mulu kapena pansi pa thebulo. Sikuti wogulitsa aliyense ndi wakuba ayi. Iyenso anaoda dengu lonse, abwino ndi oipa omwe, ndipo ayenera kuti onse awagulitse. Ine ndili mwana ndinkaunjika milu motero, ndipo palibe anandiuza kuti ndikulakwa.

Ndiye pemphani kaye. "Mayi, ndingaone nawo apansiwa?" Ambiri amavomera. Chotsani wapamwamba, tembenuzani apansi mmodzimmodzi, ndipo mukapeza wolakwika nenani mwaulemu: "Uyu yekha mundisinthire, enawa ali bwino." Kusintha mmodzi savuta. Chimene ogulitsa amadana nacho ndi munthu wotola wamkulu pa mulu uliwonse n'kupanga mulu wakewake, kapena wophwasula milu isanu n'kuchoka osagula.

Wogulitsa akakana kuti mugwire, kapena akafulumira kukuthirirani mu jumbo musanaloze mulu umene mukufuna, pitani benchi ina. Yang'aniraninso manja pamene akuthira. Ndipo banyira, imene ena amati pulayizi, nthawi zambiri imachokera pa kamulu ka pambali ka ofewa. Landirani, thokozani, koma muiike pamwamba payokha ndipo muyambe kuphika imeneyo.

Nanga mabanga, ming'alu ndi timabowo pa tomato zimatanthauza chiyani? Ndi ziti zoti ndingadule n'kudya?

Zilema sizifanana, ndipo kuzisiyanitsa kumapulumutsa ndalama.

Banga lakuda, louma, lolowa m'kati, lokhala kunsi kwenikweni kwa tomato, si matenda opatsirana. Limabwera pamene mbewu inkalandira madzi modukizadukiza, lero ambiri mawa ayi, mpaka chipatso chinalephera kulandira mchere wa kashiamu wokwanira. Ngati bangalo ndi laling'ono ndipo mbali yotsalayo ndi yolimba, mukhoza kudula n'kuphika tsiku lomwelo. Koma musalipire mtengo wa tomato wathunthu.

Ming'alu yozungulira phesi kapena yotsika kuchokera pa phesi imabwera mvula ikagwa yambiri pambuyo pa ng'amba. Mng'alu wouma, wopola ngati chipsera, ulibe vuto. Wonyowa, wotuluka madzi, ndi khomo lolowera zoola, ndipo tomato wotere safika mawa.

Mabanga a bulauni, otakata, olimba, ooneka ngati apakidwa mafuta, amene nthawi zambiri amayambira m'mapewa, ndi chiwawu. Amachuluka m'miyezi ya mvula ndi nkhungu, kuyambira Januwale mpaka Malichi, nthawi imenenso matimati amakwera mtengo. Amenewa asiyeni. Chiwawu chimapitirira kudya tomato ali m'nyumba mwanu, ndipo amene anali naye mu dengu limodzi akhoza kuonetsa mabanga pakapita masiku awiri.

Timabowo ting'onoting'ono ngati tobaya ndi singano, makamaka pansi pa kaphesi, nthawi zina tili ndi tinyenyeswa takuda pakhomo, ndi ta kambozi kotchedwa Tuta absoluta, kamene kavutitsa alimi a matimati m'dziko muno zaka zapitazi. Kunja tomato amaoneka bwinobwino, koma mukadula mumapeza njira zakuda m'kati. N'chifukwa chake muyenera kutukula kaphesi n'kusuzumira. Bowo lalikulu lozungulira, loti n'kulowa kamtengo ka machesi kapena kuposa, ndi la mbozi yaikulu, ndipo kawirikawiri mwini wake amakhala adakali momwemo.

Pomwe pamera chuku, choyera kapena chakuda, pa tomato wofewa, musadule n'kudya mbali inayo. Mu chipatso chamadzi ngati chimenechi chuku chimalowa kutali kuposa pamene maso akuona.

Matimati ena amakhala ndi ufa woyera kapena wachikasu pakhungu. Ndi fumbi?

Nthawi zina ndi fumbi la mumsewu, koma kawirikawiri ndi mankhwala. Alimi amapopera mankhwala oteteza ku chiwawu, odziwika kwambiri ndi Dithane, ndipo akauma amasiya madontho a ufa wotuwa mwachikasu, makamaka m'kadzenje ka pa phesi. Fumbi limagwa paliponse mofanana ndipo ndi lofiirira ngati dothi. Mankhwala amaoneka ngati madontho a madzi amene anaumira pomwepo.

Mankhwala aliwonse ali ndi masiku amene mlimi ayenera kudikira asanathyole, ndipo amalembedwa pa paketi. Ufa wochuluka ukusonyeza kuti mwina sanadikire. Pali ogula ena amene amakonda matimati a ufawo poganiza kuti ndiye osamalidwa bwino, okhalitsa. Ine sindigwirizana nazo. Ngati pali ena oyera, tengani amenewo. Ngati msika wonse uli choncho, monga zimakhalira m'dzinja, akatsukeni bwino ndi madzi ambiri mukupukuta ndi dzanja, dulani pa phesi n'kutaya, ndipo a saladi muwasende. Kutsuka kumachotsa zapakhungu zokha. Komanso dziwani kuti tomato wonyezimira kwambiri akhoza kukhala kuti wangopukutidwa ndi kansalu m'mawa womwewo, ndiye suzumiranibe pa phesi, pamene kansalu sikafika.

Anyezi ndiyang'ane chiyani?

Khosi. Anyezi amayamba kuola kuchokera pa khosi, pamene panali masamba, n'kumatsika m'kati, kunja kudakali kokongola. Dinikizani pang'ono ndi chala pa khosipo. Pakhale pouma, popyapyala, potsekeka. Pakabonyoka, kapena pakatuluka kamadzi, kapena pakamveka fungo loipa, m'kati mwake muli gawo limene lasanduka phala.

Makoko akunja akhale ouma, olira tswatswa mukawagwira. Ichi ndi chizindikiro choti anyezi anaumitsidwa bwino atakololedwa. Wokumbidwa dzana n'kubwera naye kumsika ali ndi khosi lonenepa, lobiriwira, ndi khungu lonyowa. Ameneyo ndi wokoma ndithu, koma ndi wophika sabata yomweyo, osati wosunga. Anyezi wosendedwa makoko onse mpaka kuwala ndimamukayikira, chifukwa nthawi zambiri amasenda pofuna kuchotsa gawo limene linayamba kuda.

Muyeseninso kulemera ngati tomato uja. Wopepuka wauma m'kati. Wina amakhala ndi phesi lolimba ngati kamtengo pakati pa khosi: ameneyo anatulutsa maluwa ali m'munda, pakati pake ndi pouma ndipo sakhalitsa.

Anyezi wophukira kapena wa ufa wakuda ndi woopsa?

Wophukira si woopsa, kungoti mukuluza. Mphukira yobiriwirayo ikudya anyezi wake yemwe, ndiye m'kati mumakhala mofewa, mwa mphako. Timizu tatsopano toyera kunsi tikutanthauza kuti anagona pa chinyezi. Zimenezi zimachuluka m'dzinja, chifukwa anyezi wambiri amakololedwa m'chilimwe ndipo amene mukugula mu Febuluwale wasungidwa miyezi. Nthawi imeneyo ndi bwino kugula wochepa wochepa.

Ufa wakuda ngati mwaye pansi pa khoko loyamba ndi chuku chimene chimakonda malo otentha opanda mpweya, monga m'thumba la pulasitiki. Ngati wangokhala pa khoko lakunja ndipo mnofu uli wolimba, sendani mpaka poyera, tsukani, phikani msanga. Ngati walowa pakati pa magawo, musagule.

Pa kusunga, anyezi wofiira monga Red Creole amaposa woyera kapena wachikasu wamkulu uja wa madzi ambiri. Wofiirayo ndiyenso woyabwa m'maso kwambiri, ndiye mmodzi wamng'ono amakwanira mphika umene ukanafuna woyera wamkulu.

Masamba onse pamsika amakhala onyowa. Ndidziwa bwanji a lero ndi a dzulo?

Madzi amene ogulitsa amawaza amadzutsa tsamba lofota kwa kanthawi, ndiye kunyowa si umboni wa chilichonse. Yang'anani kumene anathyolera. Phesi la mpiru kapena repu wa lero limakhala loyera mobiriwira ndi lamadzi pa bala pake. La dzulo limakhala lauma, lachita bulauni, nthawi zina lang'ambika. Ochenjera amadulako nsonga m'mawa kuti bala lioneke latsopano, choncho onjezani mayeso achiwiri: pindani phesi limodzi. Latsopano limathyoka kuti thyo. Logona limapindika ngati chingwe.

Nyamulani mtolo muugwire kumapesi, masamba ayang'ane kumwamba. A lero amaima okha. A dzulo amaweramira pa dzanja lanu. Tsamba lachikasu m'mphepete ndi lokalamba kapena logona, ndipo mpiru wokalamba, wa masamba aakulu okhakhala ndi mapesi onenepa, umawawa ndipo umachedwa kufewa mumphika. Mpiru kapena chainizi chimene chayamba kutulutsa maluwa chapitirira msinkhu.

Funso lina ndi lakuti madzi owazawo achokera kuti. Suzumirani mu chidebe chimene chili pansi pa benchi. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unatikumbutsa kuti madzi akuda pa chakudya si nkhani yocheza. Masamba ophika bwino alibe mantha ambiri, koma kabichi, letesi ndi tomato za saladi zitsukeni ndi madzi aukhondo, othira mankhwala kapena owiritsa. Masamba odulidula kale a mu jumbo amapulumutsa nthawi, koma simungaone kuti anali otani asanadulidwe, ndipo otsala a dzulo amathera mmenemo. Ngati mukufuna odula, sankhani mtolo nokha, akudulireni mukuona.

Bwanji mtolo umaoneka bwino kunja koma kunyumba theka n'kutaya?

Chifukwa mtolo umamangidwa ngati mulu wa matimati uja: masamba aakulu okongola kunja, ang'onoang'ono, achikasu ndi odyedwa pakati. Lowetsani chala pakati, patuleni pang'ono. Ngati m'katimo mukutentha, kapena muli tsamba loterera lakuda, kapena mukununkha ngati udzu wovunda, masambawo anapanikizidwa m'thumba usiku wonse ali onyowa. Pamene pamangidwa luzi kapena kachingwe ndi pamene kuola kumayambira.

Masamba obooka ndi tizilombo ndi oipa?

Osati kwenikweni. Mabowo owerengeka pa repu sasintha kukoma, ndipo ena amawakonda poti mwina sanapoperedwe kwambiri, ngakhale umenewo si umboni wokwanira, chifukwa mlimi amathanso kupopera ataona kale mabowo. Chofunika ndi kutembenuza tsamba. Kunsi kwake ndi kumene kumakhala nsabwe za m'masamba, totuwa, tounjikana m'mbali mwa mitsempha, makamaka pa repu ndi mpiru m'nyengo yopanda mvula. Zochepa zimachoka m'madzi a mchere. Zikadzaza mpaka tsamba kukwinyika, mudzatopa n'kutsuka. Masamba a fungo la mankhwala, kapena a madontho a ufa amene tafotokoza pa matimati, asiyeni, pakuti tsamba simungalisende.

Nanga nkhwani, bonongwe, chisoso ndi ndiwo zina zakumudzi?

Izi lamulo lake ndi limodzi, nsonga zanthete. Nkhwani wabwino ndi wa masamba aang'ono ofewa, okhala ndi tinsonga ndi timaluwa kapena timaungu tating'ono. Masamba aakulu ngati chipewa, a minga yolimba pa phesi, mudzasadzula mpaka zala kuwawa koma adzakhalabe okhakhala. Masamba okhala ndi zoyera ngati awazidwa ufa ali ndi matenda, ndipo ndi okalamba.

Bonongwe amene watulutsa ngala za njere, ndi chisoso chimene chachita maluwa, zakula mopitirira. Khwanya ndi chitambe zikhale zanthete, zosachita mawanga a dzimbiri. Chigwada chimafota msanga kuposa zonse, ndiye chigulidwe tsiku losinja, ndipo chiphikidwe mpaka chipse bwinobwino. Ndiwo zomera pafupi ndi dothi ngati bonongwe zimakhala ndi mchenga wambiri mvula ikagwa. Gwedezani mtolo muone zimene zikugwa.

Kabichi ndiye wosavuta. Akhale wolemera, wolimba mukamufinya, tsinde lake loyera pamene anadula. Mutu woyera mbee kunja ndiye kuti asenda masamba ambiri akunja kubisa kugona kapena mbozi.

Ndikadutsa pa Lizulu, pa Jenda kapena pa Bembeke ndimafuna kugula chidebe chathunthu cha matimati. Zimapindulitsa?

Zimapindulitsa ngati mwaona pansi pake ndiponso ngati muli ndi pokathera nawo. M'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1 katundu ndi watsopano ndipo mtengo ndi wotsika kuposa m'tauni, koma kugula kwake n'kothamanga. Minibasi ikulira hutala, ogulitsa khumi akukankhira mabeseni pa windo, ndipo inu mukuona mzere wapamwamba wokha.

Zinandionekera ine ulendo wina ndikuchokera ku Ntcheu. Ndinagula chidebe pa windo, pamwamba pali matimati akuluakulu oyezuka bwino. Mnyamatayo anakhuthulira mu jumbo mwachangu galimoto itayamba kale kuyenda. Kunyumba nditawayala pa mphasa ndinawerenga 60. Mwa amenewa 14 anali ophwanyika kapena otuluka madzi, 9 anali ndi timabowo pa phesi, ndipo apansi ambiri anali ang'onoang'ono ofiira kwambiri, oti aphikidwe mawa lomwelo. Patapita masiku ochepa ndinali nditataya ena 7 amene anagona pamodzi ndi ophulikawo. Amene tinadya anali 30, theka lenileni.

Tiyerekeze kuti chidebecho munalipira K6,000. Pa windo mumaganiza kuti tomato mmodzi wakudyerani K100. Mukataya theka, aliyense wakudyerani K200, ndipo mwina pa msika wa kwanu mukanasankha mmodzimmodzi pa mtengo womwewo popanda kusenza.

Tsopano ndimatsika. Ndimapempha kuti akhuthulire mu beseni lina pang'onopang'ono ndikuona, zimene zimatenga mphindi imodzi yokha, ndipo apansi amasanduka apamwamba. Ndimayang'ana ngati pansi pa chidebe pali madzi, ngati matako ake sanabonyoledwe kulowa m'kati, ndiponso ngati sanayalemo udzu wochuluka. Pa ulendo wautali ndimasankha oyezuka okhaokha, ndimawaika mu katoni kapena mu dengu osati mu jumbo, ndipo sindilola kondakitala kuikapo thumba la mbatata pamwamba. Ndikafika ndimawayala tsiku lomwelo n'kupatula ofewa.

Matimati ophwanyika otchipa aja, kodi ndi oti munthu n'kugula?

Ngati angophwanyika lero chifukwa chopanikizika, alibe fungo, alibe chuku, ndipo muwaphika pa moto wokwanira mukangofika, gulani, supu wake ndi wabwino. Koma sankhani nokha mmodzimmodzi, potsata zimene tanena pa funso la mabanga. Amene akuchita thovu, akununkha mowawasa kapena azingidwa ndi ntchentche zazikulu ndi oola, ndipo kuwiritsa sikubweza kukoma kwake. Pa saladi ndi pa kachumbali musayerekeze n'komwe.

Ndazindikira nditalipira kale kuti katundu ndi woipa. Ndingabweze?

Mukadali pa benchi pomwepo, inde, ndipo ambiri amasintha popanda mkangano mukalankhula motsitsa mawu, osati mokuwa kuti makasitomala ena amve. Mukachoka n'kubwerera patapita maola, zimavuta, chifukwa wogulitsa sangadziwe ngati tomatoyo ndi wake kapena ngati munamukhalira mu minibasi. Ndiye tsegulani jumbo musanapereke ndalama.

Ngati mumagula kwa munthu mmodzi nthawi zonse, nkhani imasintha. Mawa lake mumangoti, "Asisi, anyezi wadzulo uja awiri anali oola m'kati," ndipo amakuponyerani awiri ena mu jumbo. Mayi anga ankasunga matimati abwino kwambiri pansi pa benchi, m'dengu lovundikira ndi chiguduli chonyowa, ndipo ankawatulutsira okhawo amene ankawadziwa nkhope.